Mkombero wotuwa mobiriwira pa chikasu cha dzira lowiritsa: umachokera kuti?

Mlamu wanga amagulitsa mazira owiritsa pafupi ndi depoti ya mabasi. Amadzuka kusanache, n'kukoleza mbaula, n'kuwiritsa thireyi yonse ya mazira 30 m'sefuliya imodzi. Akafika pamalo ake amayala mazirawo m'beseni, pambali pake kabotolo ka mchere wosakaniza ndi tsabola. Tsiku lina anabwera kunyumba atakhumudwa. Bambo wina anagula dzira, n'kulisenda, n'kuluma kamodzi, kenaka anamuonetsa chikasu chake chomwe kunja kwake kunali kotuwa mobiriwira ngati ndere. Bamboyo ananena mokweza, anthu akumva, kuti wagulitsidwa dzira losukusa, ndipo anafuna ndalama yake.

"Alamu, mazirawo ndinapikula dzana lomweli," anatero. "Angasukuse bwanji?"

Dziralo silinali losukusa. Linali lopsa mopitirira, ndipo gawo lalikulu la kupsako linachitika sefuliya itaphulidwa kale pamoto. Apa ndi pamene ambirife timasokonezeka. Timayesa kuti dzira limasiya kupsa tikaliphula, pomwe ilo limapitirizabe kudziphika lokha m'kati mwa chikoko kwa mphindi zambiri. Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuyamba taona zomwe zili m'dziramo.

Dzira lili ndi mbali ziwiri zomwe zimakhala moyandikana koma zosasakanikirana: choyera ndi chikasu. Pakati pake pali kakhungu kopyapyala kwambiri komwe kamakuta chikasucho. Choyera chija, gawo lake lalikulu ndi madzi, pafupifupi magawo 9 mwa 10, ndipo chotsalacho ndi mapuloteni. Ena mwa mapuloteniwa ali ndi salufa m'kati mwawo, womangidwa bwinobwino moti dzira laliwisi labwino silinunkha. Chikasu nacho chili ndi salufa wake, koma chomwe chimachisiyanitsa pa nkhani yathuyi ndi ayironi, yemwe uja a kuchipatala amatiuza kuti amathandiza magazi. Pafupifupi ayironi yense wa m'dzira ali m'chikasu. Si wambiri ayi, sakwana ngakhale miligalamu imodzi, ndipo nayenso ndi wogwiridwa mwamphamvu ndi puloteni ina ya m'chikasumo yotchedwa fosivitini.

Choncho m'dzira laliwisi, salufa ali kwake, ayironi ali kwake, aliyense womangidwa. Moto ndiwo umawamasula. Choyera chikatentha, mapuloteni ake amatambasuka n'kugwirana, ndicho chifukwa chake chimauma n'kusanduka choyera mbee. Kutenthako kukapitirira, ena mwa salufa uja amathothoka n'kutuluka ngati mpweya. Mpweyawu akatswiri amaulemba H₂S, dzina lake haidirojeni salufaidi, ndipo tonse timaudziwa ndi mphuno ngakhale sitidziwa dzina lake. Ndiwo fungo la dzira lowola, ndiwonso fungo lomwe limamveka pa akasupe a madzi otentha ngati a ku Chiweta. Kafungo kaja komwe kamatuluka mukangosenda dzira lowiritsa lotentha ndi mpweya womwewu, wochepa chabe.

Mpweyawu ukapangika m'choyera umafalikira mbali zonse. Wina umatulukira m'timabowo ting'onoting'ono ta chikoko n'kupita m'madzi, wina umalowera m'kati. Wolowera m'katiwu ukafika pamalire a chikasu umakumana ndi ayironi yemwe nayenso kutentha kwayamba kumumasula. Ziwirizi zikakumana zimagwirana n'kupanga chinthu chatsopano, FeS, chomwe amachitcha ayironi salufaidi. Pachokha chinthuchi ndi chakuda. Koma poti chimangoyala mopyapyala pamwamba pa chikasu, maso athu amaona mtundu wakuda wosakanikira ndi wachikasu, n'kuoneka wotuwa mobiriwira.

Izi zikutiuzanso chifukwa chomwe mtunduwu umakhala mkombero osati chikasu chonse. Mpweya uja sulowa patali. Ukangofika pamalire, ayironi wa pamenepo amaugwira, n'kuthera pompo. Mukadula dzira lotere pakati ndi mpeni mudzaona kuti mkomberowo ndi wopyapyala, ndipo m'kati mwake chikasu chikadali chachikasu, kungoti chauma n'kumanyenyeka ngati ufa. Dzira likakhala pamoto nthawi yaitali kwambiri, mkomberowo umanka nukhuthala chifukwa ayironi wa kunja akatha mpweyawo umasunthira m'katiko pang'ono.

Nkhaniyi si yatsopano kwa asayansi. M'chaka cha 1920, akatswiri awiri a ku London, Charles Tinkler ndi Marion Soar, anafufuza mkombero umenewu n'kusonyeza kuti ndi ayironi salufaidi, komanso kuti dzira loziziritsidwa msanga m'madzi ozizira limakhala ndi mkombero wochepa kusiyana ndi losiyidwa kuti lizizire lokha. Papita zaka zoposa 100, koma m'makhitchini mwathu mfundo yachiwiriyi sinafike bwinobwino.

Ndinene msanga chomwe bambo wa pa depoti uja ankaopa: mkomberowu si poizoni. Ayironi ndi salufa zonsezo zinali kale m'dziramo, zangosintha malo n'kugwirana, ndipo kuchuluka kwake n'kochepetsetsa. Mwana akhoza kudya, mayi woyembekezera akhoza kudya. Vuto lake lili pakamwa ndi m'maso. Dzira lomwe lafika popanga mkombero wokhuthala limakhala kuti choyera chake chalimba ngati labala, chikasu chake chauma moti chimatsamwitsa, ndipo fungo la salufa lakula. Kwa wogulitsa, vuto lina ndi lakuti wogula sadziwa zonsezi, amangoona mtundu wachilendo n'kusamukira kwa wina.

Dzira lowonongekadi limadziwika mwanjira ina. Fungo lake si kafungo kodutsa ayi, ndi chifungo chomwe chimakubwezani m'mbuyo. Choyera chake chimatha kukhala choterera kapena chosintha mtundu, ndipo madontho akuda kapena obiriwira amaoneka paliponse, ngakhale m'choyera momwe kapena m'kati mwa chikoko. Mkombero wa kupsetsa uli ndi mwambo wake: umatsatira malire a chikasu mozungulira bwinobwino, choyera n'kukhala choyerabe. Mukaona zosiyana ndi zimenezo, tayani.

Tsopano tibwere pa kutentha ndi nthawi, poti apa ndiye pagona nkhani. Pa muyeso uja womwe madzi amawira pa madigiri 100, choyera cha dzira chimayamba kugwira pa madigiri a m'ma 62 mpaka 65, ndipo chimalimbiratu cha m'ma 80. Chikasu chimayamba kukhuthala cha pa 65 n'kugwira cha pa 70. Onani kuti manambala onsewa ali pansi pa 100. Dzira silifuna kutentha kwa madzi owira kuti lipse. Timagwiritsa ntchito madzi owira chifukwa ndiwo osavuta kuzindikira komanso amafulumizitsa ntchito, koma chomwe tikufuna n'chakuti pakati penipeni pa chikasu pangopitirira madigiri 70 pang'ono, basi.

Tsoka lake n'lakuti mpweya wa salufa uja umayamba kutuluka mooneka chapafupi ndi pomwepo, ndipo kutentha kukamakwera umatuluka mofulumira kwambiri. Ndiye pali kampata kakang'ono. Chikasu chikangomaliza kugwira, ntchito yomwe timafuna yatha, ndipo mphindi iliyonse yomwe dziralo likhalabe lotentha kuchokera pamenepo ikungopanga mpweya wopita kukadetsa chikasu. Pa dzira lalikulu loponyedwa m'madzi owira kale, chikasu chimagwira chonse pakati pa mphindi 10 ndi 12. Pofika mphindi 15 mkombero umakhala wayamba kuonekera, makamaka ngati dziralo silinaziziritsidwe. Pa mphindi 20 kapena 30 palibenso chokayikitsa.

Ndinamufunsa mlamu wanga kuti andifotokozere mmene amawiritsira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amaika mazira 30 m'madzi ozizira, n'kutereka pambaula. Poti sefuliyayo ndi yaikulu, madzi amatenga nthawi kuti awire, mwina mphindi 20 makala akayaka bwino. Akawira amawasiya akubwata iye akusesa, kusamba ndi kukonzekeretsa ana, zomwe zimatenga mphindi zina 20 kapena kuposerapo. Kenaka amaphula, koma sakhetsa madzi. Amavindikira n'kuwasiya momwemo kuti akafike kumsika akadali ofunda, poti m'mawa wa Juni anthu amakonda dzira lofunda.

Tiwerenge nthawi imeneyi monga mmene dzira limaimvera. Madzi asanawire n'komwe, pamene ayamba kutulutsa tithovu pansi pa sefuliya, amakhala atapitirira kale madigiri 70, ndipo choyera chayamba kupsa. Ndiye pa mphindi 20 zodikira kuwira zija, zingapo zomalizira ndi zophika kale. Onjezani 20 zobwata. Kenaka sefuliya yovindikira yodzaza madzi ndi mazira siizizira msanga. Imatha kukhala pamwamba pa madigiri 70 kwa theka la ola. Mukaphatikiza, dzira lomwe limafuna mphindi 12 lakhala pa kutentha kopanga mkombero kwa nthawi yoyandikira ola lathunthu. Iye ankawerenga mphindi 20 zokha.

Nditamuuza kuti akupsetsa mazirawo, anandiyankha zomwe amayi ambiri amayankha: kuli bwino lipsetse kusiyana n'kuti wogula apeze chikasu chamadzi. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindiipeputsa. Dzira logulitsa kapena lopatsa mwana wamng'ono liyenera kugwira lonse, chifukwa dzira losapsa likhoza kukhala ndi tizilombo totsekula m'mimba. Koma chikasu chikagwira mpaka pakati, chitetezo chomwe moto ungapereke chaperekedwa. Mphindi 30 zowonjezera siziwonjezera chitetezo chilichonse chomwe munthu angachione, zimangomaliza makala.

Pali njira ziwiri zodziwika zowiritsira. Yoyamba ndi yoyambira m'madzi ozizira: madzi akangowira mumaphula, n'kuvindikira, n'kudikira mphindi 12 ngati mazirawo ndi aakulu, kenaka n'kuwaziziritsa. Njirayi imayenda bwino pa mazira ochepa komanso pa chitofu chamagetsi chomwe moto wake ndi umodzimodzi tsiku lililonse. Pambaula kapena pa mafuwa ine sindiikhulupirira. Lero makala ndi a mtengo wolimba ndipo madzi awira pa mphindi 10, mawa ndi onyowa ndipo atenga 25. Nthawi yomwe dzira lakhala likupsa madzi asanawire imasintha tsiku ndi tsiku, ndipo inu mulibe poiwerengera.

Njira yachiwiri ndiyo ndimaikonda. Wiritsani madzi kaye okha. Akawira, tsitsiranimo mazira mosamala ndi chipande kapena supuni yaikulu, osawaponya. Yambani kuwerenga nthawi pomwepo, ndipo gwiritsani ntchito alamu ya pafoni, osati kungoyerekeza m'mutu. Madziwo aziwira mofatsa, osati kubwadamuka mpaka mazira kumagundana, chifukwa madzi obwadamuka satentha kuposa owira mofatsa, amangoswa makoko. Ubwino wa njirayi ndi wakuti poyambira pake ndi podziwika: madzi owira ndi madzi owira, kaya makala ndi otani. Palinso phindu lina lomwe wogulitsa aliyense angalikonde, lakuti mazira oyambira m'madzi otentha amasendeka mosavuta kusiyana ndi oyambira m'madzi ozizira.

Koma pa thireyi yonse pali msampha. Mazira 30 ozizira akalowa nthawi imodzi m'madzi ochepa, madziwo amasiya kuwira kwa mphindi zingapo, ndipo mawerengedwe anu asokonekera. Ndiye madzi akhale ambiri, omiza mazira onse n'kutsalako zala ziwiri pamwamba, moto ukhale wamphamvu pa nthawi yowaikayo, ndipo muvindikire kuti awirenso msanga. Ngati sefuliya ndi yaing'ono, kuli bwino kuwiritsa kawiri, 15 kenaka 15, m'madzi omwewo. Tsiku loyamba, vuulani dzira limodzi pa mphindi 11, muliziziritse, mulidule pakati muone. Likakhala kuti pakati pakadali pofewa, onjezerani mphindi imodzi kapena ziwiri. Nambala yomwe mwapeza ndiyo yanu, ya sefuliya yanu ndi mbaula yanu, ndipo ndi yodalirika kuposa iliyonse yomwe ndingalembe pano.

Kukula kwa dzira nako kuli ndi gawo lake. Kutentha kumayenda kuchokera ku chikoko kupita pakati, ndiye dzira laling'ono limapsa msanga. Dzira la nkhuku zoikira za m'khola limalemera magalamu a m'ma 55 mpaka 60, pomwe la nkhuku yachikuda nthawi zambiri limakhala cha m'ma 40. Ngati lalikululo likufuna mphindi 12, lachikudalo likufuna 9 kapena 10. Mukawasakaniza m'mphika umodzi n'kudikira kuti aakulu apse, aang'onowo ndiwo adzatuluke ndi mkombero. Dzira lochokera mufiriji limafuna mphindi imodzi yowonjezera. Ndipo kumalo okwera madzi amawira asanafike pa 100: ku Lilongwe ndi ku Blantyre amawira cha pa 96 kapena 97, ku Dedza cha pa 95, pomwe ku Nsanje amayandikira 100 penipeni. Kusiyanaku n'kochepa, kwa mphindi imodzi mwina, ndipo musaganize kuti kukutetezani. Madigiri 95 akadali pamwamba kwambiri pa 70.

Tifike pa kuziziritsa, komwe kwa ine ndiko kofunika kuposa zonse chifukwa ndiko anthu amakudumpha. Pa mphindi yomwe mwavuula dzira, kutentha kwake si kofanana paliponse. Kunja, pafupi ndi chikoko, kuli pafupifupi ngati madzi owira aja. Pakati pa chikasu ndi pozizirirako. Kutentha kumayenda kuchokera kotentha kupita kozizira, ndiye ngakhale dziralo lili pambale, choyera chimapitiriza kutumiza kutentha kwake m'kati, ndipo malire a chikasu, pamalo penipeni pomwe mkombero umapangika, amakhalabe otentha kwa nthawi ndithu. Mphepo ya m'nyumba siichotsa kutentha msanga. Ndipo mazira akaunjikana m'beseni amafunditsana okhaokha, apakatiwo n'kukhala otentha nthawi yaitali koposa.

Madzi ozizira amachita zinthu ziwiri. Choyamba, amachotsa kutentha mofulumira kwambiri kuposa mphepo, moti m'mphindi zochepa choyera chimatsika pansi pa madigiri omwe salufa amathothokera, ndipo mpweya watsopano umasiya kupangika. Chachiwiri, kunja kwa dzira kukazizira mwadzidzidzi, mpweya womwe wapangika kale umakokeredwa kunjako, kumbali ya chikoko, m'malo molowera ku chikasu. Pa ziwirizi choyambacho ndicho chachikulu. Koma dziwani malire ake: madzi ozizira amaletsa mkombero kupangika, safufuta womwe wapangika kale. Dzira lomwe labwata mphindi 30, ngakhale mutalimiza m'madzi oundana, lidzatulukabe lotuwa.

Mabuku ambiri ophikira amanena za madzi oundana, ndipo amagwiradi ntchito bwino. Koma m'nyumba zambiri kuno mulibe firiji, ndipo zimenezo zisakugwetseni ulesi. Madzi a mumtsuko, a pampopi kapena a pamjigo ndi okwanira, malinga akhale ambiri. Apa ndi pamene mlamu wanga analakwitsa pa tsiku loyamba kuyesa. Anavuula mazira pa nthawi yake, n'kuwaika m'kabeseni ka madzi okwana malita awiri, n'kuchokapo. Atabwerako anapeza madziwo atafunda kwambiri, ndipo mazira ena anali ndi kamkombero kopyapyala.

Masamu ake ndi osavuta. Mazira 30 a magalamu 55 amalemera makilogalamu 1.65, ndipo kutentha komwe asunga n'kofanana ndi kwa madzi otentha oposa lita imodzi. Mukawaika ali pa madigiri 90 m'malita awiri a madzi a madigiri 25, zonse zimakakumana cha pa madigiri 50. Pamenepo madziwo asiya kukoka kutentha mwamphamvu, ndipo popeza amafunda msanga mphindi zoyambirira zomwe, m'kati mwa mazira mumachedwa kuzizira pa nthawi yomwe kufulumira kukufunika. Mazira omwewo m'malita asanu amakathera cha pa 38. M'malita khumi, theka la ndowa yaikulu ija, amakathera cha pa 32. Ndiye pa thireyi imodzi konzani malita khumi, kapena ngati madzi ndi ovuta, gawani pawiri: asanu oyamba akhalemo mphindi ziwiri kapena zitatu, muwakhetse, n'kuthira asanu ena. Madzi okhetsedwawo sanawonongeke, tsukirani mbale.

Dzanja lanu ndilo muyeso. Pisani m'madzimo pakatha mphindi ziwiri. Akakhala kuti afunda, sinthani. Muziwatakasa pang'ono mazirawo kuti madzi ofunda asaunjikane pakati pawo. Akhalemo mphindi 10 kapena 15. Kuti mudziwe ngati azizira mpaka m'kati, vuulani limodzi mulifumbate kwa kanthawi. Dzira lomwe langozizira kunja kokha limayambanso kufunda m'dzanja mwanu, chifukwa kutentha kwa m'kati kukutuluka. Likatero libwezereni.

Chinthu chimodzi chomwe sindifuna kuti chidumphidwe: madzi oziziritsirawo akhale aukhondo, oti mukhoza kumwa. Dzira likamazizira, za m'kati mwake zimanyala pang'ono n'kukoka madzi kudzera m'timabowo ta chikoko, makamaka ngati chikokocho chang'aluka. Mukaliziziritsa m'madzi a pachitsime chosatetezedwa, mwatenga chakudya chomwe moto unayeretsa n'kuchibwezera tizilombo. M'nyengo ya dzinja pamene kolera imavuta, thiranimo mankhwala oyeretsera madzi monga mmene mumachitira ndi akumwa. Ndipo ndowayo ikhale itakonzedwa mazira asanalowe pamoto. Alamu ikalira si nthawi yoyamba kufunafuna chidebe.

Pali chinanso chomwe chimachititsa kuti mazira awiri ophikidwa mofanana atuluke mosiyana, ndicho msinkhu wa dzira. Dzira longoikiridwa kumene lili ndi mpweya wa kaboni wosungunuka m'choyera chake. Masiku akamapita mpweyawu umatuluka kudzera m'chikoko, ndipo choyeracho chimasunthira kumbali ya zinthu zonga chidulo kapena soda wothira m'therere, kutalikirana ndi mbali ya zowawasa ngati mandimu. Pa muyeso wa pH, womwe nambala yake imakwera chinthu chikamatalikirana ndi zowawasa, chimachoka cha pa 7.6 kufika kupitirira 9. Choyera chikafika pamenepo, salufa amathothoka mosavuta, ndipo mkombero umabwera msanga. Kusinthaku kumafulumira kukamatentha, ndiye thireyi yomwe yakhala pashelefu ya golosale mu Okutobala imakalamba msanga kuposa ya mufiriji. Mlamu wanga anapikula dzana, zoona, koma sankadziwa kuti mazirawo anali atakhala masiku angati kwa wopikulitsayo.

Apa pali kukokana komwe wogulitsa aliyense amakudziwa. Dzira latsopano kwambiri limavuta kusenda, choyera chimamatirira ku chikoko n'kumachoka nacho. Dzira logonera limasendeka bwino, koma ndilo losachedwa kutuwa. Ndiye mazira osendeka bwinowo ndi omwe amafuna kuti wotchi ndi ndowa zisamalidwe kwambiri. Pa chifukwa chomwechi, sindilimbikitsa zothira soda m'madzi owiritsira pofuna kuti asendeke, chifukwa ngati sodayo angachite kanthu, akukankhira dziralo kumbali yomweyo yomwe imakulitsa fungo la salufa. Mchere kapena viniga m'madzi amathandiza kuti choyera chigwire msanga dzira likasweka, koma mkombero sauletsa.

Mtundu wa chikasu nawo usakusokonezeni. Chikasu chofiirira cha nkhuku yachikuda chimachokera ku zomwe nkhukuyo imadya, masamba ndi chimanga chachikasu, osati ku kuchuluka kwa ayironi. Dzira la chikasu chofiirira ndi la chikasu chotumbuluka onse amapanga mkombero akapsetsa.

Zomwezi zimachitikanso kunja kwa chikoko. Amene anaphikapo mazira okazinga ambiri a pa ukwati kapena pamsonkhano, n'kuwasiya m'chiwaya pamoto wa makala kudikira alendo, anaonapo akusanduka obiriwira pansi pake. Ndi ayironi ndi salufa omwewo, ndipo poti choyera ndi chikasu zasakanikirana, mtunduwo umafalikira m'malo mopanga mkombero. Chiwaya chachitsulo chimawonjezera vutoli. Kumeneko mankhwala ake ndi kukazinga pang'onopang'ono m'magulu, komanso kufinyiramo timadontho ta mandimu musanakazinge, poti zowawasa zimabweza kusinthaku m'mbuyo. Pa dzira la m'chikoko mandimu alibe polowera.

Funso lomwe linatsala kwa mlamu wanga linali la makasitomala ofuna dzira lofunda. Yankho lake lili m'manambala omwe aja. Dzira lomwe laziziritsidwa bwino mukhoza kulifunditsanso poliviika m'madzi otentha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu pa nthawi yogulitsa, ndipo silipanga mkombero, chifukwa nthawiyo ndi yochepa moti malire a chikasu safika pa madigiri 70. Chomwe sichiyenera kuchitika ndi kuwasunga tsiku lonse m'madzi ofunda chabe, chifukwa kufunda kwa pakatikati kumeneko ndiko tizilombo timaswana bwino. Dzira lowiritsa limawonongeka msanga kuposa laliwisi, poti kuwiritsa kumachotsa kautoto kachilengedwe komwe kamatseka timabowo ta chikoko. Mufiriji limakhala mpaka sabata imodzi. Popanda firiji, wiritsani okhawo omwe atha m'maola ochepa, muwaike pamthunzi, ndipo osweka chikoko adyedwe poyamba.

Mlamu wanga anasankha kuwiritsa kawiri, 15 m'mamawa ndi 15 chakumasana pa mbaula ya mnzake wokazinga tchipisi. Nambala yomwe anapeza pa sefuliya yake ndi mphindi 12 kuchokera pomwe mazira alowa m'madzi owira, kenaka ndowa ya malita asanu, kusintha madzi kamodzi. Mukafuna kudzionera nokha, tengani mazira anayi a thireyi imodzi. Awiri muwavuule pa mphindi 12, limodzi lilowe m'madzi ozizira, linalo mulikulunge m'kansalu lizizire lokha. Awiri otsalawo muwavuule pa mphindi 25 n'kuchita chimodzimodzi. Akazizira onse, aduleni pakati n'kuwandanda pambale motsatana.